Mafunso ndi mayankho: kukonza mulingo wa makina oyezera kuvunduka kwa madzi ndi fomazini

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anzathu oyeza madzi kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu: a m'malabu, a pa malo oyeretsera madzi, ndi a zaumoyo amene amayenda ndi kachikwama ka makina kukayeza mijigo ndi mipopi m'midzi. Tatenga makina onyamula m'manja a Hach 2100Q ngati chitsanzo chifukwa ambiri amawadziwa, koma zambiri mwa izi zimagwiranso pa makina ena. Pamene buku la makina anu lanena zosiyana ndi zathu, tsatirani bukulo.

Makinawa amayeza chiyani kwenikweni?

Sayeza kulemera kwa matope. Mkati mwake muli nyali imene imawalitsa madzi ali m'kabotolo kagalasi, ndipo chapambali pali diso limene limaona kuwala komwazidwa pa ngodya ya madigiri 90. Tinthu tikachuluka m'madzi, kuwala komwazikako kumachulukanso, nambala n'kukwera.

Vuto lagona poti diso limeneli silisiyanitsa. Kadothi, kathovu ka mpweya, chidindo cha chala pagalasi, mzere wa kukandika, zonse zimamwaza kuwala, ndipo makina amaziwerenga ngati kuvunduka. Pafupifupi mafunso onse otsatirawa akuchokera pamenepa.

NTU ndi FNU n'zofanana?

Zonsezi ndi milingo yoyezera kuvunduka kwa madzi. Pa fomazini n'zofanana: madzi a fomazini a 20 NTU ndi a 20 FNU. Kusiyana kuli pa nyali. Makina olemba NTU nthawi zambiri amagwiritsa ntchito nyali yoyera ya tangisiteni, motsatira njira ya EPA 180.1, pamene olemba FNU amagwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kwa mananomita 860, motsatira ISO 7027. Pa madzi enieni a mumtsinje, makamaka akakhala ndi mtundu, makina awiriwa akhoza kupereka manambala osiyana onse ali bwinobwino. Choncho lembani m'buku zilembo zimene makina aonetsa, ndipo musasakanize manambala a mitundu iwiriyi pa tebulo limodzi.

Fomazini ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani timadalira iyeyo?

Ndi tinthu toyera ngati mkaka timene timapangika mukasakaniza mankhwala awiri, haidirazini salufeti, (NH2)2·H2SO4, ndi hekisamini, (CH2)6N4. Ubwino wake ndi woti aliyense wotsatira njira yake molondola amapeza kuvunduka kofanana, 4000 NTU. Dothi silingachite zimenezi: la mu Linthipe ndi la ku damu la Mpira sizimwaza kuwala mofanana. Mulingo wa NTU weniweniwo unakhazikitsidwa pa fomazini, ndiye pokonza makina mumakhala mukuwauza kuti kuwala kochuluka chonchi ndiye 20, kochuluka chonchi ndiye 100.

Tingapange tokha fomazini wa 4000 NTU?

Zimatheka ngati muli ndi sikelo yoyeza mpaka mamiligalamu ndi mafulasiki a mzere. Sungunulani galamu 1.000 ya haidirazini salufeti m'madzi osefedwa mpaka pa mzere wa mamililita 100. M'fulasiki ina sungunulani magalamu 10.00 a hekisamini mpakanso mamililita 100. Sakanizani milingo yofanana, monga mamililita 5 a uyu ndi mamililita 5 a uyo, tsekani, ndipo musiye maola 24 pa kutentha kwa madigiri 25, kusapitirire kapena kuchepa ndi madigiri atatu. Mukapanda kuthiramo madzi, mwapeza 4000 NTU. Mukadzaza mamililita 10 amenewa mpaka 100, mwapeza 400 NTU.

Mfundo ya kutentha ndi imene imagwetsa anthu kuno. Mu Juni ndi Julayi, chipinda cha labu pa Dedza boma usiku chimazizira kutsika kwambiri pansi pa madigiri 22. Fomazini wosiyidwa pa benchi usiku wotere amapanga tinthu tosiyana ndi toyenera, ndipo simungadziwe ndi maso, amayera chimodzimodzi. Ikani fulasikiyo mu inkyubeta kapena m'beseni la madzi lotenthetsa lokhala ndi chowongolera kutentha, ndipo magetsi akazima kwa maola ambiri, yambaninso.

Haidirazini salufeti ndi poizoni ndipo ali m'gulu la mankhwala oganiziridwa kuti amayambitsa khansa. Valani magolovesi, musapume fumbi lake, ndipo musayamwe pipeti ndi pakamwa. Kwa amene alibe zipangizo zonsezi, maganizo athu ndi oti mugule botolo la 4000 NTU lopangiratu kapena timabotolo tosindikiza. Fomazini wopangidwa mongoyerekeza ndi woipa kuposa kusakonza makina n'komwe, chifukwa amalowetsa cholakwa m'makina amene mwina anali olondola.

Timasungunula bwanji kuti tipeze 20, 100 ndi 800 NTU?

Masamu ake ndi awa:

```
V1 = (C2 × V2) / C1
```

C1 ndi mphamvu ya fomazini amene muli naye, C2 ndi imene mukufuna, V2 ndi kukula kwa fulasiki, ndipo V1 ndi mlingo woti mutunge. Kuchokera pa 4000 NTU, kuti mupeze 800 NTU tungani mamililita 20 m'fulasiki ya 100. Kuti mupeze 100 NTU, mamililita 5 m'fulasiki ya 200. Pa 20 NTU masamu amapereka theka la mililita m'fulasiki ya 100, koma kamlingo kotere n'kovuta: kadontho kamodzi kakatsalira kunsonga ya pipeti, mwaphonya ndi gawo looneka. Ndi bwino kutunga mililita imodzi m'fulasiki ya 200, kapena kuyamba mwapanga 400 NTU n'kutungako mamililita 5 m'fulasiki ya 100.

Musanatunge, tembenuzani botolo la 4000 NTU pang'onopang'ono, kumutu ndi kumiyendo, kwa mphindi zingapo mpaka pansi pasatsale choyera chodikha. Fomazini amadikha msanga. Mukatunga pamwamba pa botolo limene lagona sabata, mumatenga wochepa mphamvu, ndipo wotsala m'botolomo amakhala wamphamvu kuposa zolembedwa, ndiye mwaononga kawiri. Kutembenuza si kukhutchumula; onani funso la thovu.

Madzi osungunulira akhale otani?

Akhale madzi otchezedwa a mu labu, osefedwanso pa sefa ya mabowo a maikiromita 0.2 kapena ocheperapo. Tayani oyamba kudutsa pa sefa, tsukuluzani nawo fulasiki kawiri, kenako sungani otsatirawo. Ayezeni musanawagwiritse ntchito: akafika pa 0.5 NTU sakuyenera, ndipo osefedwa bwino amakhala pansi pa 0.1. Madzi a m'botolo ogula pa golosale sitikuwavomereza, ngakhale aoneke oyera bwanji.

Musadabwe kuti madzi oyeretsetsa saonetsa 0.00. Madzi enieniwo amamwaza kuwala pang'ono, ndipo m'makina mumakhala kuwala kosokera. Nambala ya 0.02 mpaka 0.08 ndi yabwinobwino.

Fomazini amakhala nthawi yaitali bwanji?

Zimatengera mphamvu yake. Wa 4000 NTU, m'botolo lagalasi lofiirira lotseka bwino, pamalo ozizira ndi a mdima, amatha kukhala mpaka chaka. Wosungunula amafooka msanga, ndipo akachepa mphamvu amafulumiranso kufooka: wa 20 NTU ndi wa tsiku lomwelo, ndipo wochepera 2 NTU ndi wa nthawi yomweyo. Chizolowezi chabwino n'kusungunula m'mawa wa tsiku lokonza makina, kugwiritsa ntchito, n'kutaya. Lembani tsiku pa fulasiki iliyonse.

Timabotolo tosindikiza ta StablCal ndi fomazini yemweyo koma wokhazikitsidwa kuti asafooke msanga, ndipo tsiku lake lothera limalembedwa pa kabotolo. Adani ake ndi dzuwa, kutentha kwa m'galimoto yotseka, ndi kuundana. Musatiike m'chipinda cha ayezi cha firiji, ndipo tsiku likadutsa, musatikhulupirire ngakhale tikuoneka bwino.

Ndondomeko yokonza makina imayenda bwanji?

Ikani makina pa tebulo losagwedera, kutali ndi dzuwa la pawindo, mabatire ali ndi mphamvu. Makina ndi timabotolo zikhale kanthawi m'chipinda chomwecho kuti zifanane kutentha. Pa 2100Q, mukalowa pa Calibration, makina amapempha 20 NTU, kenako 100, kenako 800. Makina akale a 2100P amayamba ndi kabotolo ka madzi oyera kolembedwa <0.1 NTU.

Pa kabotolo kalikonse chitani zofanana: pukutani, pakani mafuta a silikoni, tembenuzani modekha kangapo, ikani chizindikiro chake chitalunjika pa chizindikiro cha makina, tsekani chivindikiro, dinani Read. Musachedwe pakati pa kutembenuza ndi kuwerenga, makamaka pa 800 NTU amene amadikha mukuona. Ngati timabotolo tosindikiza tagona masabata osagwiritsidwa ntchito, kutembenuza kokha sikukwanira: tikhutchumuleni mwamphamvu, tisiyeni mphindi zisanu kuti thovu lichoke, kenako titembenuzeni modekha. Koma ka <0.1 NTU musakakhutchumule kapena kukatembenuza. Kamafunika kukhala phee.

Mukasunga zotsatira, tsimikizani ndi kabotolo ka 10 NTU, kamene sikanalowe nawo pokonza. Nambala ikhale pakati pa 9.0 ndi 11.0. Ikatuluka kunja kwa malire amenewa, musathamangire kubwereza zonse. Yambani mwapukuta kabotoloko, kuona ngati kali ndi thovu, ndi kuwerenga tsiku lake lothera.

Ngati mukugwiritsa ntchito fomazini wosungunula nokha, gwiritsani kabotolo kamodzi pa milingo yonse, kuyambira wochepa mphamvu kupita wamphamvu, mukutsukuluza ndi mlingo wotsatirawo musanadzaze. Mukayamba ndi 800, kadontho kotsalira kamakweza 20 moonekeratu.

Tizikonza makina kangati?

Opanga 2100Q amalangiza miyezi itatu iliyonse. Onjezani pamenepo: mukasintha nyali, makina akagwa, kapena kutsimikiza kukalephera. Kutsimikiza ndi 10 NTU n'kwa tsiku lililonse loyeza, ndipo makina amene ayenda pa njinga yamoto m'misewu ya mabampu atsimikizidwe asananyamuke ndi atabwerako. Kukonza makina tsiku ndi tsiku popanda chifukwa sikuwonjezera kulondola; kumangowonjezera mipata yolowetsa cholakwa.

Nanga timabotolo tolimba ta Gelex?

Timeneti si tokonzera makina, ndi toonera ngati makina asuntha. Nambala yake simumaitenga pa bokosi ayi. Mukangomaliza kukonza makina ndi fomazini, yezani kalikonse, lembani nambala imene yatuluka pa chivindikiro chake, ndipo imeneyo ndiyo muziyerekeza nayo masiku otsatira. Ikasiyana ndi zoposa magawo 5 pa 100 alionse, bwererani ku fomazini. Nambalayo ndi ya makina amenewo okha. Simungaibwereke ku makina a anzanu.

Thovu limachokera kuti, ndipo tingalizindikire bwanji?

Njira zake ndi zitatu. Yoyamba ndi dzanja: kukhutchumula botolo la sampulo, kapena kuthira madzi kuchokera pamwamba ngati mukuthira tiyi. Yachiwiri ndi mpopi: madzi a m'mapaipi otsika kuchokera kumapiri, ngati a ku Ntcheu, amabwera ndi mphamvu, ndipo madzi akangobwerera atasiya, m'paipi mumakhala mpweya wambiri. Nthawi zina amatuluka oyera ngati mkaka, n'kuyera kuyambira pansi pa kapu kukwera m'mwamba; umenewo ndi mpweya, chifukwa matope amayera kuyambira pamwamba. Yachitatu ndi yobisika: madzi ozizira amasunga mpweya wambiri, ndipo akamafunda m'kabotolo amautulutsa ngati timathovu ting'onoting'ono tomata pagalasi.

Pa makina, thovu limaoneka ndi nambala yodumphadumpha: 1.2, kenako 3.0, kenako 1.5. Thovu nthawi zonse limakweza nambala ya madzi oyera. Matope akamadikha nambala imatsika mosadumpha. Musanaike kabotolo, kayang'aneni pa kuwala, kumbuyo kwake kuli chinthu chakuda. Timathovu timanyezimira ngati timikanda.

Tingalichotse bwanji?

Kupewa n'kosavuta kuposa kuchotsa. Tsegulani mpopi pang'ono, madzi ayende kaye, ndipo pendeketsani kabotolo kuti madzi atsetsereke m'mbali mwa galasi mpaka pa mzere, pafupifupi mamililita 15. Tsekani, siyani mphindi imodzi kapena ziwiri, gogodani ndi chala kuti omata achoke, kenako tembenuzani modekha kamodzi kapena kawiri kuti zodikha zibwerere, ndipo werengani.

Kudikira kuli ndi malire. Madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja mukawasiya mphindi khumi, thovu lachoka inde, koma mchenga wadikhanso, ndipo nambala yatsika monama. N'chifukwa chake kutembenuza komaliza sikodumpha.

Thovu louma mutu limachoka ndi sirinji. Tsekani kabotolo ndi chotsekera cha labala chabowo limodzi, lowetsani sirinji yopanda singano, kokani pang'onopang'ono ndi kugwira choncho mpaka thovu lisiye kukwera. Amene ali ndi beseni logwedeza madzi ndi mafunde a phokoso angaviike kabotolo kwa kanthawi kochepa, koma kuchedwetsa kumaphwanya tinthu ta m'madzi ndipo nambala imasintha. Pa makina, kusankha Signal Average kumachepetsa kudumpha kwa nambala koma sikuchotsa thovu lomata pagalasi.

Kabotolo kakuchita nthunzi kunja. N'chimodzimodzi ndi thovu?

Ayi, ndipo chizindikiro chake n'chosiyana: nambala imakwera pang'onopang'ono kabotolo kali m'makina. Zimachitika mukayeza madzi ozizira, monga sampulo yochokera m'bokosi la ayezi, m'chipinda chofunda cha chinyontho, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale. Pukutani ndi kuwerenga msanga, kapena siyani sampulo ifunde pang'ono. Ikafunda, yang'ananinso thovu, pa chifukwa tanena kale. Sampulo ya kuvunduka ndi yoyeza pomwepo pa gwero ngati n'kotheka; ikalephereka, isungeni pa mdima pa madigiri 4 ndipo muyeze pasanathe maola 24.

Kukandika kwa galasi kumasintha nambala ndi zingati?

Pa madzi a 300 NTU simungazindikire n'komwe. Pa madzi oyeretsedwa ndi nkhani ina. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limalangiza kuti madzi othira kolorini akhale pansi pa 1 NTU kuti mankhwalawo agwire bwino ntchito, ndipo pa malo ang'onoang'ono osowa zipangizo asapitirire 5 NTU. Pa milingo yotere, mzere umodzi wodutsa panjira ya kuwala ukhoza kuchititsa madzi abwino kuoneka olephera.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dzazani kabotolo ndi madzi osungunulira, pukutani, pakani mafuta, werengani. Kazungulizeni pang'ono, werenganinso, mpaka mutazungulira konse. Kabotolo kabwino kamapereka manambala oyandikana kwambiri mbali zonse. Pamene nambala yatsikitsitsa, ikani kachizindikiro pamwamba pa kabotolo, pamalo osadutsa kuwala, ndipo muzikalunjikitsa pamenepo nthawi zonse. Ngati mukugwiritsa ntchito timabotolo tingapo, tiyeseni tonse ndi madzi amodzi ndipo musankhe togwirizana.

Mafuta a silikoni amathandiza chiyani, ndipo timapaka ochuluka bwanji?

Mafutawa amapinda kuwala mofanana ndi galasi, ndiye akalowa m'timizere tating'ono, kuwala kumadutsa ngati palibe kanthu. Dontho limodzi laling'ono lakwana. Litsitseni kuchokera pamwamba mpaka pansi, lifalitseni ndi kansalu kofewa kobwera ndi makina, ndipo pukutani mpaka galasi lioneke ngati louma. Mukaona mafuta akunyezimira kapena chala chikuterera, achuluka: amagwira fumbi ndipo amadetsa chibowo cha makina. Kansaluko kazikhala m'kathumba kotseka.

Mafuta a makina osokera, a m'khitchini kapena odzola salowa m'malo mwa silikoni. Ndipo silikoni sachiza mzere wakuya umene chikhadabo chimakodwamo, kapena kukandika kwa mkati. Kabotolo kotero katayeni.

Timatsuka ndi kusunga bwanji timabotolo kuti tisakandike?

Tambiri timakandika m'chikwama, tikamagundana ndi makiyi, mabatire kapena tinzake, ndiponso popukuta. Fumbi la m'chilimwe lili ndi mchenga. Mukalipukuta louma ndi ngodya ya chitenje kapena pepala la kuchimbudzi, mukukwecha galasi. Tsukuluzani kaye ndi madzi, kenako pukutani ndi nsalu yosasiya ulusi. Gwirani kabotolo pa chivindikiro pokha.

Tsukani mkati ndi kunja ndi sopo wa mu labu, popanda burashi yolimba, ndipo tsukuluzani kambirimbiri ndi madzi osefedwa. Madzi a mijigo ina amasiya utoto wofiirira wa chitsulo kapena choyera cha laimu. Zimenezi zimachoka poviika mu asidi wa haidirokoloriki wosakaniza theka ndi theka ndi madzi. Thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, mutavala magolovesi ndi magalasi. Musasiye sampulo igone m'kabotolo. Mukatsuka, tsekani, ndipo kalikonse kabwerere m'chibowo chake cha m'bokosi.

Madzi osefedwa akuonetsa nambala yokwera. Tidziwa bwanji ngati vuto ndi madzi, kabotolo kapena makina?

Tiyerekeze kuti madzi otuluka pa sefa ya mchenga, amene masiku onse amakhala cha pa 0.5 NTU, lero m'mawa aonetsa 2.4. Musanasinthe mlingo wa mankhwala a alamu odikhitsira matope kapena kutsuka sefa, tsatani izi mwa dongosolo lake.

Werenganinso kawiri osakhudza kabotolo. Mwapeza 1.7, kenako 2.1. Kudumpha kumeneku kukuloza thovu. Mwatulutsa kabotolo, mwaona timikanda pagalasi, mwakoka ndi sirinji, mwatembenuza modekha: tsopano 1.1, 1.1, 1.1. Nambala yakhazikika, koma ikadali pamwamba.

Tsopano ikani kabotolo kosindikiza ka 10 NTU. Kaonetsa 10.2, ndiye makina ali bwino ndipo palibe chifukwa chowakonzanso. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti 10 NTU ikadutsa ndiye zonse zili bwino. Kabotolo kosindikizako kali ndi galasi lakelake. Sikakukuuzani chilichonse za galasi la kabotolo kanu ka sampulo.

Ndiye khuthulani sampulo, tsukuluzani, dzazani madzi osungunulira amene mukudziwa kuti ali pansi pa 0.1. Aonetsa 0.62. Mukazunguliza mwapeza 0.15, 0.30, 0.58. Galasi ndi lokandika mbali imodzi, ndipo mbaliyo ndi imene imayang'ana kuwala mukalunjikitsa chizindikiro. Mwapaka silikoni, yatsika kufika 0.40 basi: mzerewo ndi wakuya. Mwatenga kabotolo katsopano, madzi osungunulira aonetsa 0.06, ndipo sampulo yatsopano ya pa sefa, yothiridwa mopendeketsa, yaonetsa 0.55.

Musachotsere 0.62 pa 1.1 n'kulemba yotsalayo ngati yankho. Kukandika sikuwonjezera mlingo wofanana nthawi zonse, kumasintha kabotolo kakangotembenuka pang'ono. Lembani 0.55, ndipo m'buku muonjezere kuti kabotolo kasinthidwa tsiku limenelo. Kukanakhala kuti kabotolo katsopano kaonetsanso 1.1 pa sampulo yatsopano, pamenepo vuto likanakhala la madzi, ndipo mukanapita kukayang'ana sefa.

Madzi a mtsinje apitirira malire a makina. Tichite chiyani?

2100Q imafika pa 1000 NTU, ndipo mvula yoyamba ikakokolola minda, mitsinje imatha kupitirira pamenepo. Sungunulani: tembenuzani sampulo bwino, tungani msanga mamililita 20, dzazani mpaka 100 ndi madzi osungunulira, yezani, ndipo chulukitsani kasanu. Mukapeza 310, lembani 1550 NTU ndi kuonetsa kuti munasungunula. Madzi oterewa ali ndi mchenga wokanda galasi, choncho akhale ndi kabotolo kawokawo kolembedwa chizindikiro pa chivindikiro, ndipo kabotolo ka madzi oyeretsedwa kasalowemo madzi a mumtsinje.